Kutsitsa mapulogalamu aulere pa makompyuta a kalabu: werengani musanadine

Mamembala nonse, malaputopu atatu amene tili nawo m'chipinda chophunzirira ndi a tonse, ndipo bandulo imene timasonkherana mwezi ndi mwezi imayenera kufika pa 30. Mwezi wathawu laputopu yapazenera inayamba kutulutsa zotsatsa njuga paliponse, tsamba loyambira la Chrome linasintha lokha, bandulo n'kutha mwezi uli pakati. Chinayambitsa ndi pulogalamu yoonera mavidiyo imene inatsitsidwa pa webusaiti yolakwika. Sitikuloza chala munthu, msamphawu umakola ngakhale odziwa. Koma kuyambira Loweruka lino, aliyense wofuna kuika pulogalamu atsate izi.

Yambirani kwa eni ake a pulogalamu. VLC imapezeka pa videolan.org, LibreOffice pa libreoffice.org, GIMP pa gimp.org, 7-Zip pa 7-zip.org. Lembani nokha adiresiyo pamwamba. Mukafufuza pa Google, dumphani zotsatira zolembedwa Sponsored, chifukwa malo amenewo amagulidwa ndi ndalama ndipo akuba nawonso amagula.

Musaganize kuti webusaiti ikakhala yotchuka ndiye kuti zonse zili bwino. Mu 2013 opanga GIMP anachoka pa SourceForge, webusaiti yotchuka yogawa mapulogalamu aulere, podandaula ndi zotsatsa zooneka ngati mabatani otsitsira komanso mapulogalamu owonjezera amene ankamatidwa pa mafayilo. Mu 2015 webusaitiyo inafika pogawa GIMP ya Windows itakulungidwa ndi zotsatsa, eni ake asanavomere. Mchitidwewu unatha mu 2016 webusaitiyo itagulidwa ndi anthu ena, koma masamba ambirimbiri akuchitabe zomwezo lero.

Batani labodza limakhala lalikulu, nthawi zambiri lobiriwira, lolembedwa Download Now kapena Start Download, ndipo limaonekera msanga kuposa lenileni. Likhoza kukhalapo kawiri kapena katatu pa tsamba limodzi. Yang'anani pakona pake: mukaona kachizindikiro kakang'ono ka buluu ka makona atatu, ka X, kapena mawu akuti Ad, dziwani kuti ndi malonda. Njira imene ine ndimaidalira kwambiri ndi iyi: ikani mausi pamwamba pa batani osadina, muwerenge adiresi imene ikutuluka pansi kumanzere kwa sikirini. Ngati ikupita ku webusaiti ina yosagwirizana ndi pulogalamuyo, lisiyeni. Pa foni, gwirani linkiyo kwa kanthawi, adiresi ioneka. Tsamba likakuuzani kuti mudine Allow kuti fayilo itsike, dinani Block. Kutsitsa fayilo sikufuna chilolezo chimenecho, akungofuna kumakutumizirani zotsatsa.

Fayilo ikatsika musathamangire kuitsegula. VLC ya Windows imakhala pafupifupi 40 MB ndipo dzina lake limayamba ndi vlc-. Mukaona kafayilo ka 2 MB kotchedwa setup.exe kapena downloader.exe, chimenecho ndi chikulungo chimene chikatenge pulogalamu yanu pamodzi ndi zake zina. Komanso nyimbo kapena buku silingathere ndi .exe. Mukakayika, ikani fayiloyo pa virustotal.com iunikidwe, bola isakhale ya zinsinsi zanu.

Pamene ambiri timagwera ndi poika. Timangodina Next, Next, Next ngati tikusainira kalata ya ngongole osaiwerenga. Werengani tsamba lililonse. Sankhani Custom kapena Advanced, osati Express kapena Recommended, chifukwa zowonjezerazo zimabisidwa kumeneko. Chotsani chizindikiro m'timabokosi tonse tonena za kusintha tsamba loyambira, kuika chofufuzira chatsopano kapena "chofulumizitsa kompyuta". Samalani ndi tsamba looneka ngati pangano la pulogalamu yanu koma pamwamba pali dzina la pulogalamu ina: pamenepo dinani Decline kapena Skip. Nthawi zina batani lokanira amalilemba motuwa kuti muganize kuti silikugwira ntchito, koma limagwira. Ngati palibe pokanira, dinani Cancel, mufufute fayiloyo.

Amene mwazolowera Command Prompt mukhoza kupewa masamba onsewa pa Windows 11. Mwachitsanzo, poika VLC lembani:

```
winget install VideoLAN.VLC
```

Zikakhala kuti zowonjezera zosafunikazo zalowa kale, musabise. Uzani woyang'anira chipinda tsiku lomwelo, palibe chindapusa. Limodzi mudzadina Windows + R, kulemba appwiz.cpl, kusanja mapulogalamu potsata tsiku loikidwa ndi kuchotsa achilendo onse a tsikulo. Kenako mudzatsegula chrome://extensions n'kuchotsa zimene sitinaike, ndi kuyendetsa Full scan mu Windows Security. Ngati munalowa mu imelo kapena Facebook pa kompyutayo, sinthani pasiwedi pogwiritsa ntchito chipangizo china.

Pakhoma pafupi ndi chitseko pali pepala: lembanipo dzina lanu, pulogalamu imene mwaika, adiresi imene mwaitenga ndi tsiku. Ana osakwana zaka 15 aziika mapulogalamu pali wamkulu.