Zokambirana pa Mlandu wa Mphunzitsi wa Sitandade 5 Wokhudza Kuchedwa ku Ntchito

Nkhaniyi inamvedwa Lachitatu pa 12 Febuluwale 2025, kuyambira 2:00 masana, mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya pulayimale m'boma la Nkhotakota. Analipo mlangizi wa maphunziro wa zoni (wapampando), mphunzitsi wamkulu, wachiwiri wake (mlembi), wapampando wa komiti ya sukulu, mphunzitsi wodandaulidwa ndi nthumwi ya bungwe la aphunzitsi la TUM. Aphunzitsiwo anavomera kuti kalata yowaitana anailandira pa 7 Febuluwale.

Mphunzitsi wamkulu anati lamulo la pasukulupo n'lakuti aphunzitsi asaine m'buku pofika 7:15 m'mawa, ndipo nthawiyo ikakwana amadula mzere wofiira. Pa masiku 19 a sukulu kuchokera pa 13 Januwale mpaka pa 7 Febuluwale (pa 15 Januwale linali tchuthi cha John Chilembwe), dzina la aphunzitsi odandaulidwawo lili pansi pa mzere masiku 11. Tsiku limene anachedwa kwambiri anasaina 8:40. Phunziro loyamba, la masamu, linaphonyedwa kasanu ndi kamodzi. Anachenjezedwa pakamwa pa 22 Novembala 2024, ndiponso ndi kalata pa 20 Januwale.

Poyankha, aphunzitsiwo anavomera masiku 9 koma anakana a pa 28 ndi 29 Januwale. Anati anafika nthawi yabwino n'kupeza ofesi yokhoma, nalowa m'kalasi, kenako n'kudzasaina nthawi yopuma. Wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu anatsimikiza kuti makiyi anali ndi iwo ndipo anatsegula mochedwa. Popeza apa anali mboni, wapampando ndi amene analemba gawo limeneli. Aphunzitsiwo anatinso alibe nyumba pasukulu, amapalasa njinga makilomita 14, ndipo mvula ikagwa usiku amadikira kuti mtsinje uphwe. Masiku atatu anali kuchipatala ndi mwana wodwala malungo, ndipo anaonetsa buku la kuchipatala.

Atafunsidwa chifukwa chimene sanaimbire foni, anayankha kuti: "Bwana, pamenepo ndinalakwa." Wapampando wa komiti anati makolo adandaula kawiri. Nthumwi ya TUM inapempha kuti vuto la nyumba liganiziridwe.

Atakambirana paokha, wapampando wa msonkhano ndi wa komiti anachotsa masiku awiri a ofesi yokhoma ndi atatu a kuchipatala. Kuchedwa kwa masiku 6 kunatsimikizika. Aphunzitsiwo apatsidwa chenjezo lomaliza lolembedwa. Abweze maphunziro 6 a masamu masana pasanafike pa 28 Febuluwale, ndipo akaona kuti achedwa aziimba foni isanakwane 7:00. Buku losainira lizikhala pa tebulo la pakhonde kuyambira 6:45. Komiti iyankhe za nyumba pofika pa 12 Malichi, tsiku lodzaunikanso nkhaniyi. Kuchedwa kukapitirira, nkhani idzatumizidwa ku ofesi ya maphunziro ya boma.

Aphunzitsiwo anauzidwa kuti ngati sakukhutira angathe kukadandaula mwa kalata ku ofesi yomweyo. Zolembedwazi zinawerengedwa mokweza, onse anasaina, ndipo msonkhano unatha 3:25 masana.