Za ndalama za kuchipatala za amayi, werengani nonse mpaka kumapeto

Achimwene, achemwali, ndi inu ang'ono anga awiri, mwaswera bwanji kumeneko. Ndalemba pa gulu pano kuti aliyense aone ndi maso ake, chifukwa zoimbirana foni mmodzimmodzi zija zayamba kubweretsa mawu, uyu wamva zina uyo wamva zina. Uthengawu ndi wautali, pepani, koma muwerenge wonse musanayankhe.

Kaye za amayi. Lero adya phala kapu yonse ndipo anakhala tsonga okha popanda wowagwira kumsana. Bala lija pomwe anachotsa chala cha kuphazi layamba kuuma m'mbali, mafinya asiya, fungo lija kulibenso. Shuga mmawa uno inali pa 9, tsiku lomwe tinafika nawo inali pa 24. Adokotala akuti zikapitirira chonchi sabata yamawa atitulutsa. Chomwe chikuwavuta kwambiri pano ndi kutentha, mukudziwa munthu wa ku Angonia kumuika mu Tete mwezi wa Novembala, usiku wonse achemwali amakhala akuwapepesa ndi katoni ndi kuwanyowetsera chitenje pamutu. Dzulo anandifunsa ngati mvula yagwa ku Domwe ndiponso ngati mbewu yawo ya nyemba ija ili pabwino, ndiye mtima wanga unakhala pansi, munthu akayamba kufunsa za kumunda ndiye kuti akubwerera.

Tsopano za ndalama. Ndakhala ndikulemba chilichonse mu kope la mwana wanga la sukulu kuyambira pa 3 Novembala, ma resibo ali mu jumbo, amene akufuna ndijambula nditumiza. Kugona mu chipatala cha boma sitinalipire kanthu koti tingadandaule, opaleshoni sitinalipire, ambulansi yochokera ku Ulongwe kubwera kuno sitinalipirenso. Ndalama zathera m'zinthu zozungulira, zomwe munthu amene sali pano sangazione.

Galimoto yomwe inawanyamula usiku uja kuchoka kumudzi kupita ku Ulongwe inatenga 2,500 metikali, ndikudziwa ndi yodula koma inali 11 koloko usiku, amayi akubwebweta, panalibe nthawi yonenerera. Masiku 4 a ku Ulongwe, chakudya ndi tina ndi tina, 1,800. Alamu atabwera ndi ufa ndi nyemba, shapa kubwera ndi kubwerera pamodzi ndi katundu 1,400. Mankhwala omwe anatilembera kuti tikagule ku farimasiya ndagula katatu, 4,200 kenako 3,100 kenako 2,300, onse pamodzi 9,600, ndipo awa ndi amene adya kwambiri makamaka jakisoni wa bala uja. Kuyezetsa magazi ndi impso ku labu ya pulayiveti 3,800. Mabandeji, magolovesi, matewera a akuluakulu a masiku oyamba aja pomwe samatha kudzuka, sopo, 2,900. Kamakina koyezera shuga ndi timapepala take 3,200. Chakudya ndi makala ndi madzi akumwa masiku 19 a kuno 5,400, ndipo chopela 1,900 chifukwa ndimapita kawiri pa tsiku kuchoka ku Matundo kuwoloka mlatho, masana sungayende pansi ndi mapoto otentha dzuwa limeneli.

Zonse pamodzi mpaka lero ndi 32,500.

Achimwene munafunsa kuti chakudya chikudyeranji ndalama chonchi pomwe ufa unachokera kumudzi. Amayi sakudyanso monga kale. Anesi anatiuza kuti nsima ikhale ya mgaiwa ndipo ikhale yochepa, chibumthu chimodzi, masamba ambiri, nsomba kapena dzira kapena nyemba kuti bala lipole, tiyi wopanda shuga, zakumwa za m'botolo ayi. Masamba kuno timagula, si ngati kwathu kongothyola kudimba. Ndipo ndimaphikira anthu awiri, achemwali nawonso ayenera kudya.

Ndalama zimenezi zachokera uku. Achimwene munatumiza 6,000 pa M-Pesa sabata yoyamba. Iwe wa ku Joni unatumiza 4,500, zikomo, ndikudziwa inafika nthawi yomwe unali usanalandire. Ine ndatulutsa 14,000, ndipo ndinene poyera kuti imeneyi ndi mpamba wanga wa geni, benchi langa ku Kwachena lili ndi theka la katundu pano. Yotsala 8,000 ndi ngongole, ndinabwereka kwa mayi wina wa gulu lathu la shitiki, wandipatsa popanda chiwongoladzanja chifukwa amawadziwa amayi, koma akuifuna pa 5 Disembala kuti akagule feteleza. Tsiku limenelo sindikufuna kulidumpha, anatikomera mtima nthawi yomwe tinali titasowa pogwira.

Komanso sizinathe. Potuluka amayi sangakwere shapa ulendo wonse uja wodutsa ku Moatize ndi ku Mussacama phazi lili lendelende, anthu akuwaponda, afunika galimoto yoti agoneke mwendo pa mpando. Ndalankhula ndi bambo wina wa ku tchalitchi kwathu, wavomera 6,000 mpaka pakhomo. Ndodo zoyendera ndi nsapato zofewa zotseka kutsogolo 2,500, ndipo nsapatozi si zodzikongoletsera, munthu wa shuga phazi limachita dzanzi, akhoza kuponda munga osamva, ndi momwenso bala ili linayambira, chitsa cha kumunda chinawabaya iwo n'kumangoti ndi kachilonda. Mankhwala ndi timapepala toyezera ta mwezi woyamba 3,000. Zimenezi ndi 11,500. Tikaphatikiza ndi 32,500 ija, mtolo wonse ndi 44,000.

Tilipo ana asanu. Wina anena kuti tingogawa pasanu, aliyense 8,800, nkhani yatha. Ine ndikukana, ndipo chifukwa chake ndi achemwali. Achemwali achoka pakhomo pawo kuyambira pa 3, asiya ana ndi alamu, asiya munda nthawi yodzala, mbatatesi yawo ya kudimba akukumba ndi anthu aganyu omwe akuwalipira okha. Akugona pa chitenje pansi pa simenti pafupi ndi bedi. Ndi iwo amene amawasambitsa amayi, kuwatembenuza usiku, kutaya beseni, kuchapa zofunda pa mpopi 4 koloko mmawa mzere usanatalike. Tsiku lina ndinawapeza atagona chokhala, mutu uli pa chitsulo cha bedi, dzanja likadali pa mwendo wa amayi, miyendo yawo itatupa ngati ya munthu wodwala. Ufa ndi nyemba zomwe tikudya zachokera mu nkhokwe yawo. Ndipo amayi akabwerera kumudzi, amene adzawatsuke bala tsiku ndi tsiku ndi kuwaperekeza ku sentulu ya Domwe ndi iwo omwewo. Munthu ameneyu tizimupemphanso 8,800? Achemwali, ndikudziwa muti ndisakuyankhulireni, koma inu gawo lanu mwapereka kale ndipo laposa lathu tonse. Pa ndalama musaike kalikonse.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Achimwene mutenge 16,000, mwapereka kale 6,000, yatsala 10,000. Ndakuikirani yambiri chifukwa ndinu amene muli ndi malipiro a pamwezi otsimikizika, ndikudziwa kuti muli ndi ana ku sekondale ndi lendi ku Moatize, sindikuiwala. Iwe wa ku Joni utenge 13,000, wapereka 4,500, yatsala 8,500, utumize njira yomwe ija unatumizira poyamba inafika bwino, ndipo werengera kuti ifike ili 8,500 m'manja mwanga atadula kale zawo. Ine 14,000 yomwe ndatulutsa ikhale gawo langa, sindikufuna wina andibwezere, koma kuwonjezera pamenepo sindingathe, ndikatero geni itseka ndipo ana anga agona ndi njala. Iwe mzime ndakuikira 1,000. Ndikudziwa uli pa sukulu ndipo kandalama kako ndi ka kugulitsa kirediti, koma unandiuza wekha kuti sukufuna kusiyidwa kunja ngati mwana, ndiye ndi imeneyo. Komanso tchuthi chikayamba upite kumudzi ukathandize kupalira munda wa achemwali ndi wa amayi, ndipo uphunzire kugwiritsa kamakina kaja chifukwa maso a achemwali manambala ang'onoang'ono amawavuta.

Mukawerenga, 10,000 ndi 8,500 ndi 1,000 ndi 19,500, yomwe ikukwana ndendende kubweza ngongole ya 8,000 ndi kulipira 11,500 ya potuluka. Yofulumira ndi ya galimoto ndi ndodo ndi mankhwala chifukwa sabata yamawa si kutali, ndiye ndikupempha achimwene kuti malipiro akangolowa mutumize 10,000 yonse, ndipo iwe mzime 1,000 yako ifike nthawi yomweyo, 500 yoperewera ndiyamba ndapempha mwini galimoto atidikire. Ya ku Joni ifike pasanafike pa 3 Disembala kuti ndikabweze ngongole ndi nkhope yabwino.

Pali nkhani ina yomwe ndamva kuti amalume anaiyamba, yoti tigulitse ng'ombe imodzi mwa ziwiri zomwe anasiya malemu bambo. Achimwene, inu ndi amene mungayankhule nawo mwaulemu, chonde muwauze kuti ayi. Ng'ombe zimenezo ndi za pa ngolo, ukagulitsa imodzi inayo siikoka yokha, ndipo ngolo imeneyo ndi yomwe imatuta manyowa ndi chimanga, ikachita hayala nthawi yokolola ndi pomwe amayi amapezera ya sopo ndi mchere osapempha munthu. Atuluke m'chipatala alibe chala, akapezenso khola lili ndi ng'ombe imodzi, mtima wawo sungapirire. Amayi asamve n'komwe kuti zinakambidwa. Komanso mukamawaimbira musawauze ziwerengero izi, dzana anandigwira dzanja n'kunena kuti ndakusaukitsani ana anga, ndinatuluka panja kukalira.

Chomaliza, shuga sikutha ngati malungo, mankhwala ndi a moyo wonse. Mapiritsi ena azikalandira ku chipatala cha boma, koma timapepala toyezera, thiransipoti ya masiku a sikelo yawo, ndi ndiwo zoyenera, ndawerengera pafupifupi 3,000 pa mwezi kuyambira Januwale. Ndikuganiza achimwene 1,200, wa ku Joni 1,000, ine 800, tizitumiza molunjika pa e-Mola ya achemwali tsiku la 5 mwezi uliwonse chifukwa kumudzi netiweki yomwe imagwira bwino ndi ya Movitel, ndipo iwo ndi amene ali pafupi, asamachite kupempha.

Ngati wina akuona kuti ndamulemetsa anene pompano pa gulu, atchule yomwe angathe ndi tsiku lake, tione pokonza, kusiyana n'kuvomera lero kenako foni osayankha. Ndikufuna mayankho anu pofika mawa madzulo chifukwa mwini galimoto akufuna ndimutsimikizire. Ndikupita kukapereka chakudya chamadzulo tsopano, amene akufuna kumva mawu a amayi aimbe cha m'ma 6 koloko ndikhala ndili nawo.