Pempho la kalata yondichitira umboni pa maphunziro a masitazi

A Dokotala,

Ndikukupatsani moni, ndipo ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse a kunyumba. Ine ndine Tiyamike. Munandiphunzitsa phunziro la ukhondo wa madzi m'chaka changa chachitatu, ndipo m'chaka chomaliza munandiyang'anira pa kafukufuku wanga wa madzi a m'zitsime. Ndinamaliza digiri yanga mu 2021.

Ndikulemba kuti ndikupempheni kalata yondichitira umboni. Ndikufunsira malo a maphunziro a masitazi pa za madzi ndi umoyo wa anthu, ndipo yunivesiteyo ikufuna makalata awiri: imodzi ya kuntchito, ina ya mphunzitsi amene anaona ntchito yanga ya kafukufuku. Ya kuntchito abwana anga avomera kale kulemba. Yachiwiriyo ndaganiza za inu, chifukwa palibe mphunzitsi wina amene anandiona ndikugwira ntchito m'labotale kwa nthawi yaitali kuposa inu. Tsiku lomaliza kulandira kalatayo ndi 14 Malichi.

Ophunzira amene adutsa m'manja mwanu ndi ambiri, choncho ndiloleni ndikukumbutseni za ine. Ndinkatunga madzi pa zitsime 24, zina zotetezedwa, zina zapululu, m'chilimwe komanso m'dzinja. Ndinkasefa mamililita 100 a madzi a chitsime chilichonse pa kasefa ka m'labotale, n'kuika m'inkyubeta pa madigiri 44, m'mawa mwake n'kuwerenga timadontho tachikasu ta tizilombo tochokera m'chimbudzi. Zotsatirazo ndinkaziyerekeza ndi muyezo wa bungwe la WHO, woti m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke tizilombo totere.

Mwina chimene mungachikumbukire msanga ndi tsiku lija inkyubeta inazima usiku. Ndinafika m'mawa n'kupeza timbale tonse tazizira, koma timadontho tinkaonekabe, moti ndikanatha kuwerenga n'kulemba manambala popanda wodziwa. Ndinabwera ku ofesi kwanu ndi kope langa m'manja, mtima uli m'mwamba, ndinakuuzani zimene zachitika. Simunandikalipire. Munangotsegula kopelo, n'kundiuza kuti ndidule mzere umodzi wokha pa tsambalo kuti zolembazo zizionekabe, ndilembe chifukwa chake pambali, ndisaine, kenako ndikatungenso madzi. Zinanditengera masabata awiri ena. Mpaka lero kope langa la kuntchito ndimalisunga motero, ndipo anzanga awiri amene ndawaphunzitsa ntchito ndinawauza zomwezo.

Chimalizireni sukulu ndakhala ndikugwira ntchito m'labotale yoyeza madzi akumwa, poyamba monga wothandizira, tsopano monga woyang'anira kagulu kotunga madzi oyeza. Funso limene linanditsalira pa kafukufuku uja silinandichokebe m'mutu: bwanji madzi amene atuluka pa chitsime ali abwino amakafika pakamwa pa mwana ali oipa? Ndayezapo madzi a pa mpope ndi a m'ndowa ya m'nyumba tsiku limodzi, kusiyana kwake kumandisowetsa tulo. Ndikufuna kuphunzira bwino kayendetsedwe ka kafukufuku wa matenda ndi masamu ake kuti ndithe kuyankha funsoli moyenera.

Ntchito imene ingakugwereni ndi iyi. Mukavomera, ndilemba dzina lanu ndi imelo yanu ya kuyunivesite pa fomu yawo, popeza amafuna imelo ya kuntchito. Iwo adzakutumizirani uthenga wokhala ndi linki. Mauthenga oterewa nthawi zina amagwera mu Spam, ndiye tsiku limene ndidzalembe dzina lanu ndidzakudziwitsani kuti muuyembekezere. Pa linkiyo pali mafunso ochepa ongochonga, kenako malo oikapo kalata ya PDF yolembedwa pa pepala la chidindo cha dipatimenti, yosainidwa. Akuti tsamba limodzi ndi lokwanira. Palibe chotumiza pa positi. Ndasankhanso pa fomupo kuti kalatayo ndisaione, kuti mulembe momasuka.

Iwo alemba kuti akufuna kumva zinthu zitatu: kuti munandidziwa motani ndiponso kwa nthawi yaitali bwanji, ngati ndingathe kuchita kafukufuku pandekha, komanso kalembedwe kanga. Pa choyambacho, munandidziwa kuyambira 2019 mpaka 2021. Pa kalembedwe, mungakumbukire kuti chaputala changa cha zotsatira munachibweza katatu chifukwa ndinkasakaniza zimene ndinapeza ndi zimene ndinkaganiza. Ulendo wachinayi munachilandira. Nkhani imeneyi mukafuna kuitchula, ine sindichita nayo manyazi, chifukwa ndi pamene ndinaphunzirira kulemba.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchimve kwa ine musanachione pa pepala. M'chaka chachiwiri ndinalephera phunziro la masamu a kafukufuku ndipo ndinalembanso mayeso. Chaka chimenecho ndinkadwazika mayi anga, ndipo ndinajomba masiku ambiri. Ndafotokoza mwachidule m'kalata yanga yofunsira malo. Sindikukupemphani kuti mundiikire kumbuyo pa zimenezi. Koma poti masamu a kafukufuku wanga womaliza ndinachita ndekha inu mukuona, ngati mukuganiza kuti ndinawadziwa mokwanira, chiganizo chimodzi chonena zimenezo chingandithandize kwambiri.

Kuti musavutike kufufuza m'mafayilo akale, ndaphatikiza pa imelo ino zikalata izi:

1. Chikalata cha magiredi anga onse, pamene pali dzina langa lonse ndi nambala yanga ya kusukulu.
2. Mbiri ya maphunziro ndi ntchito yanga, masamba awiri.
3. Kalata yanga yofunsira malo, kuti muone zimene ndawauza.
4. Chidule cha kafukufuku uja, tsamba limodzi, ndi chithunzi cha tsamba la kope limene tinadula mzere lija.
5. Tsamba la yunivesiteyo lofotokoza zimene akufuna m'kalata ya umboni.

Ngati kungakupepukireni kuti ndilembe mfundo mwachidule, za masiku ndi ntchito zimene ndinagwira, inu n'kusankhapo zoyenera, ndingatumize tsiku lomwelo. Ngatinso mungakonde kuti tilankhulane kaye pa foni kwa mphindi khumi, popeza papita zaka tisanaonane, tchulani nthawi, ine ndidzaimba.

Ndikudziwa kuti nyengo ino mumakhala ndi mulu wa zochonga ndi ophunzira a kafukufuku okudikirirani pakhomo. Ngati nthawi sikulola, kapena mukuona kuti simukundikumbukira mokwanira kuti mulembe kalata yamphamvu, chonde ndiuzeni mosabisa. Sindidzakhumudwa, ndipo ulemu wanga kwa inu sudzasintha. Chimene ndingapemphe ndi chakuti mundiyankhe pofika 14 Febuluwale, ngakhale ndi mawu amodzi okha, inde kapena ayi, kuti ngati sizitheka ndikhale ndi mwezi wathunthu wopempha mphunzitsi wina. Mukavomera, ndidzakukumbutsani kamodzi kokha, kutatsala sabata imodzi, pokhapokha mutandiuza kuti n'kosafunika.

Zotsatira zikadzatuluka, zabwino kapena ayi, ndidzakudziwitsani.

Zikomo kwambiri powerenga, ndiponso chifukwa cha zonse zimene munandiphunzitsa.

Ine wophunzira wanu wakale,
Tiyamike