Lipoti la Kupima Kachasu ndi Makina a Gasi Kiromatogirafe: Kukambirana Zotsatira

Mabotolo awiri a kachasu, A ndi B, amene anagulidwa ku Kanyama muno mu Lusaka, anapimidwa pa kolamu, chubu yopyapyala imene imalekanitsa zinthu za mu sampulo kuti zituluke pa nthawi zosiyana, ya mamita 30 yokutidwa mkati ndi poliyetilini gilaikolo, ndipo zotuluka mu kolamuyo zinkawerengedwa ndi chipangizo cha lawi la haidirojeni chotchedwa FID. Wogulitsa ananena kuti A anatchezedwa ndi gaga ndi shuga basi, pamene mu B anathiramonso zipatso. Mu sampulo iliyonse tinaikamo pentanolo wa mamiligiramu 200 pa lita kuti akhale muyezo wamkati, woyerekezerapo kuchuluka kwa zinthu zina. Chinthu chilichonse chikamatuluka makina amajambula nsonga pa girafu, ndipo za botolo B anasindikiza motere, pamene RT ndi mphindi imene nsonga inatulukira ndipo Area ndi kukula kwa malo a pansi pake:

```
RT     Area      Name
3.12   5210      acetaldehyde
4.05   7340      ethyl acetate
4.31   14880     methanol
4.88   overload  ethanol
6.41   1120      unknown
6.74   18900     1-propanol
7.92   26450     isobutanol
8.35   15500     3-pentanol
10.46  71300     amyl alcohols
```

Maina a nsongazi tinawapeza poyerekeza nthawi imene chilichonse chinatulukira ndi nthawi ya mankhwala odziwika amene tinawabaya m'makina tsiku lomwelo, pa kutentha komweko ndi liwiro lomwelo la mpweya. Kusiyana sikunapitirire mphindi 0.02, kupatula pa etanolo amene nsonga yake inatambalala kwambiri chifukwa cha kuchuluka. N'chifukwa chake mphamvu ya mowa tinaiyeza padera ndi haidiromita, ndipo B anapezeka ndi 40 peresenti.

Pofunika kusamala kwambiri ndi pa nsonga ziwiri zoyandikana za pa 4.05 ndi 4.31. Munthu wongoyang'ana kutentha kumene mankhwala amawirira anganene kuti yoyamba ndi metanolo, popeza amawira pa madigiri 64.7 pamene etilo asetete amawira pa 77, koma pa kolamu iyi sizili choncho, chifukwa poliyetilini gilaikolo amagwira zamtundu wa alikoholo mwamphamvu ndi kuzichedwetsa. Kuti titsimikize, tinathira metanolo pang'ono mu gawo lina la sampulo B ndi kubayanso. Nsonga ya pa 4.31 ndiyo inakula, osagawanika kapena kumera phewa, ndipo ya pa 4.05 inakhala momwe inalili. Tikadasinthanitsa mainawa, metanolo akadaoneka ngati theka chabe la amene alimo.

Nthawi yotulukira imatiuza dzina, koma kuchuluka timakupeza pa kukula kwa malo a pansi pa nsonga, ndipo kukulako sikungawerengedwe mwachindunji. FID imamva kaboni woyaka m'lawi, madzi siiwamva n'komwe, ndipo metanolo, amene kaboni wake mmodzi yekhayo ndi wolumikizana kale ndi okosijeni, amapereka nsonga yaing'ono poyerekeza ndi kulemera kwake. Mu msanganizo wodziwika, momwe zonse ziwiri zinali mamiligiramu 200 pa lita, metanolo anapereka 9,600 pamene pentanolo anapereka 16,000, choncho chochulukitsira chake ndi 1.67, ndipo kuchuluka kwa metanolo mu B, kumene tikukutcha C, tinakupeza motere:

```
C = (14880 / 15500) x (16000 / 9600) x 200 = 320 mg/L
```

Popanda chochulukitsiracho tikadalemba 192, kumene kukadakhala kuchepetsa kwambiri. Tikawerengera pa etanolo yekha, 320 ameneyu ndi magiramu 80 pa malita 100. Botolo A linapereka mamiligiramu 45 pa lita, ndipo kusiyanaku kukugwirizana ndi zimene wogulitsa ananena, pakuti metanolo wa mu mowa wotchezedwa amachokera makamaka ku pekitini wa m'zipatso. Komabe mabotolo awiri ndi ochepa kwambiri kuti munthu anenerepo za kachasu yense wa m'dera.

Nsonga yaikulu ya pa 10.46 taipatsa dzina la gulu osati la chinthu chimodzi, chifukwa mitundu iwiri ya amilo alikoholo imatulukira pamodzi pa kolamu yotere, ndipo kumanzere kwa nsongayo kukuoneka kaphewa kosonyeza zomwezo. Chiwerengero cha 71,300 ndi cha zonse ziwiri.

Yotsala ndi ya pa 6.41, imene sinafanane ndi mankhwala alionse amene tinali nawo ndipo mu A mulibe. Malo ake, patsogolo pang'ono pa puropanolo, ndi pamene 2-butanolo amatulukira kawirikawiri, koma kufanana kwa nthawi kokha si umboni, pakuti zinthu zosiyana zitha kutuluka pa nthawi yofanana. Taisiya yopanda dzina mpaka sampulo B itabayidwanso pamodzi ndi butanolo wodziwika, kenaka pa kolamu yachiwiri yokutidwa ndi silikoni, imene imatulutsa zinthu m'ndondomeko ina.