Ndondomeko ya Chisomo ya masabata awiri: mayeso a Chifalansa a DELF A1

Chisomo, nayi ndondomeko unapempha ija. Popeza masana umakhala ku sitolo, ndaika maola awiri okha pa tsiku: 05:00 mpaka 06:00, ndi 19:00 mpaka 20:00. Foni uziitchaja kuntchito, kuti malaiti akapita usaphonye phunziro.

Mayeso ali ndi mbali zinayi, iliyonse malikisi 25: kumvetsera (mphindi pafupifupi 20), kuwerenga (30), kulemba (30) ndi kulankhula (mphindi 5 mpaka 7, atakupatsa 10 zokonzekera). Kukhoza ndi 50 pa 100, koma mbali imodzi ikatsika pansi pa 5, walephera zonse. Kuwerenga kwako sikundidetsa nkhawa. Ntchito ili pa khutu ndi pakamwa, choncho m'mawa uliwonse ndi wa kumvetsera ndi kulankhula mokweza.

Sabata yoyamba

Lolemba: tenga pepala lachitsanzo pa intaneti, kwa France Éducation international, bungwe lokonza mayesowa, ulembe lonse uli ndi wotchi pambali. Malikisi ake unditumizire ngakhale akhale ochititsa manyazi.

Lachiwiri ndi Lachitatu: manambala basi. Apa ndipo ambiri amagwa, chifukwa pa kumvetsera amafunsa mitengo, nthawi ndi manambala a foni, ndipo amaseweretsa mawuwo kawiri kokha. Mpaka 69 zimayenda bwino. Kenako Afalansa amayamba kuchita masamu: 70 ndi soixante-dix, 60 ndi 10, 80 ndi quatre-vingts, ma 20 anayi, 95 ndi quatre-vingt-quinze. Nambala ya foni amaitchula awiriawiri. Kasitomala aliyense akagula, nena mtengowo m'Chifalansa chamumtima. Madzulo jambula mawu ako ukuwerenga manambala 20 osakaniza, m'mawa mwake uwamvetsere n'kuwalemba.

Lachinayi: kudzifotokoza. Dzina, zaka, dziko, banja, ntchito. Kumbuka kuti zaka amati j'ai 24 ans, ngati mmene timanenera kuti "ndili ndi zaka 24". Madzulo maverebu être, avoir, aller ndi faire.

Lachisanu: kudzaza fomu. Nom ndi dzina la bambo, prénom ndi lako. Ambiri amatembenuza, n'kutaya malikisi aulere.

Loweruka: zakudya ndi zovala. Mawu aliwonse uziwaloweza pamodzi ndi le kapena la wake, monga sitilekanitsa "chimanga" ndi "cha". Ukapita ku Kapata kukagula ndiwo, tchula zonse uziona.

Lamlungu: ukaweruka kutchalitchi ubwere kwathu 15:00, ndidzakhala wokufunsa mayeso.

Sabata yachiwiri

Lolemba ndi Lachiwiri: kulemba kakalata kosachepera mawu 40. Lolemba uitanire mnzako ku Nc'wala ku Mtenguleni, umuuze tsiku, malo ndi zoti abweretse. Lachiwiri umulembere ngati uli ku Mfuwe kokaona nyama. Ziganizo zifupizifupi, moni poyamba, kutsanzika pomaliza, ndipo uyankhe chilichonse chafunsidwa. Werenga mawu ako ndi chala.

Lachitatu: kufunsa mafunso. Adzakupatsa timakadi ta mawu amodziamodzi, iwe n'kupangapo funso. Dula timapepala 30, uzitola ndi kufunsa mokweza. Wokufunsa mayeso ndi vous, monga sunganene "iwe" kwa apongozi.

Lachinayi: sewero logula zinthu, ndi ndalama za yuro zoseweretsa. Mng'ono wako akhale wogulitsa. Bonjour, je voudrais, c'est combien, merci, au revoir: izi zizituluka zokha. Tsiku lomweli ukonze lilime. Ife timasakaniza l ndi r popanda vuto, koma kwa iwo lire ndi kuwerenga, rire ndi kuseka. Ndiponso tazolowera kumaliza mawu ndi "i" kapena "u". Iwo malembo ambiri omaliza sawatchula n'komwe, monga t wa petit. Jambula mawu ako unditumizire, ndikuwongolere.

Lachisanu: pepala lina lathunthu, ndi wotchi. Yerekeza ndi la tsiku loyamba lija. Mbali imene yatsalira ndiyo ya madzulo ano.

Loweruka: basi ya m'mawa yopita ku Lusaka. Ulendo ndi wautali, ika zomvetsera m'foni usananyamuke. Tenga chitupa chako, kalata yokuitana ku mayeso ndi mabolopeni awiri.

Lamlungu: pita ukaone pamene pali Alliance Française, malo olembera mayeso, kuti Lolemba usasokere. Bwereza kudzifotokoza ndi manambala kwa mphindi 30, osaphunzira chatsopano. Ugone msanga.

Ukakhala pamaso pa wofunsa ndipo funso lakudutsa, usangoti duu. Nena kuti vous pouvez répéter, s'il vous plaît, adzabwereza. Chiganizo chimenechi uyambe kuchinena mawa lomwe, ndipo Lamlungu kwathu ndidzalankhula mothamanga dala kuti ndichimve.

Aphunzitsi Tembo