Kawerengedwe ka makulitsidwe ndi kukula kwenikweni kwa selo pogwiritsa ntchito kamzere ka sikelo

Ophunzira anga, tengani chojambula cha selo ya m'kati mwa tsaya chimene ndakugawirani, rula ya mamilimita ndi pensulo yosongoka. Yang'anani kumunsi kwa chojambulacho. Pali kamzere kakafupi, ndipo pamwamba pake palembedwa 20 µm. Kamzere kameneka ndi ka sikelo. Ambiri amakalumpha n'kuthamangira kuyeza selo, komatu mayankho onse awiri amene tikufuna lero akuchokera pa kamzere komweka.

Kamzereka kakunena kuti kutalika kwake papepalapo kukuimira mamaikulomita 20 pa selo yeniyeni, ija inali pagalasi pansi pa maikulosikopu. Choncho kali ndi miyeso iwiri. Wina ndi wolembedwa kale uja, womwe ndi kukula kwenikweni. Wina ndi umene mupeze nokha ndi rula, womwe ndi kukula kwa papepala. Mukagawa wa papepala ndi weniweniwo, mwapeza makulitsidwe, kutanthauza kuti chinthucho chakulitsidwa kangati.

M'mabuku mudzapeza fomula yake italembedwa ndi zilembo zitatu:

```
M = I ÷ A
A = I ÷ M
```

M ndi makulitsidwe, I ndi kukula kwa chithunzi papepala, A ndi kukula kwenikweni.

Tisanayambe kugawa, pali nkhani ya miyeso, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene malikisi ambiri amatayikira. Rula yanu imayeza mamilimita, koma kamzere kalembedwa m'mamaikulomita. Simungagawe ziwirizi zili choncho. Zonse ziyenera kukhala mu muyeso umodzi kaye.

```
1 cm = 10 mm
1 mm = 1000 µm
1 µm = 1000 nm
```

Kuchoka ku mamilimita kupita ku mamaikulomita, chulukitsani ndi 1000. Pobwerera, gawani ndi 1000. Ndikukupemphani kuti muziyeza m'mamilimita nthawi zonse. Woyeza m'masentimita amadziwonjezera sitepe ina, ndipo kawirikawiri amachulukitsa ndi 1000 pamene anafunika kuchulukitsa ndi 10,000. Yankho limachepa kakhumi, mwini wake osazindikira.

Tsopano ikani rula pa kamzereko. Yambirani pa ziro, osati kunsonga kwa rula, chifukwa marula ambiri ali ndi kampata pakati pa nsonga ndi ziro. Diso likhale pamwamba penipeni pa malo amene mukuwerenga. Mupeza kuti kamzereka ndi kotalika mamilimita 30.

```
I = 30 mm × 1000 = 30 000 µm
A = 20 µm
M = 30 000 ÷ 20 = 1500
```

Lembani yankho motere: ×1500. Musaikepo mm kapena µm. Mwagawa mamaikulomita ndi mamaikulomita anzake, ndiye chotsala ndi nambala chabe yonena kuti kangati.

Makulitsidwe amenewa ndi a chojambula chonse, osati kamzere kokha. Chilichonse chili papepalapo chakulitsidwa ka 1500. Ndiye yezani selo. Selo ya m'tsaya ilibe mbali zowongoka, choncho funso likapanda kukupatsani mzere woti muyezepo, yezani pamene yatambalala kwambiri, ndipo jambulani mzere wopepuka ndi pensulo kuti woona ntchito yanu adziwe pamene munayeza. Pa chojambula chathu, kuchoka pa X kufika pa Y ndi mamilimita 84.

```
I = 84 mm × 1000 = 84 000 µm
A = 84 000 ÷ 1500 = 56 µm
```

Pano muyeso ukufunika. Nambala 56 yopanda µm siinena kanthu.

Nyukiliyasi nayonso ndi chimodzimodzi. Ndi yotambalala mamilimita 12, amene ndi mamaikulomita 12,000, ndipo tikagawa ndi 1500 tipeza mamaikulomita 8.

Pali njira ina imene ine ndimaikonda kwambiri, chifukwa imaonetsa chimene chikuchitika. Dzifunseni kuti timizere ta sikelo tingalowe tingati m'selomo mutatindandalika. Selo ndi mamilimita 84, kamzere ndi mamilimita 30. Tikagawa 84 ndi 30 tipeza 2.8. Kamzere kalikonse kakuimira mamaikulomita 20, ndipo 2.8 kuchulukitsa ndi 20 ndi 56. Yankho ndi lomwe lija, ndipo simunasinthe muyeso uliwonse. Muzigwiritsa ntchito njirayi potsimikizira yankho lanu. Mayankho awiriwo akasiyana, bwererani pamene munachulukitsa ndi 1000.

Wina afunsa kuti, bwanji osangolemba ×1500 pansi pa chojambula n'kusiya za kamzere? Taganizirani kuti pepalali lachititsidwa fotokope n'kuchepetsedwa ndi theka. Nambala ×1500 idzatsala momwemo, koma idzakhala yabodza, chifukwa chithunzi chachepa. Kamzere kamachepa limodzi ndi selo. Kadzakhala mamilimita 15, selo mamilimita 42. Makulitsidwe atsopano ndi 15,000 kugawa ndi 20, zomwe ndi ×750, ndipo 42,000 kugawa ndi 750 ndi 56 yemwe uja. N'chifukwa chake akatswiri amaika kamzere pa zithunzi zawo. Ngakhale pa sikirini ya foni, chithunzi chikule kapena chichepe, kamzere kamanenabe zoona. Ngati pepala lanu likupatsa manambala osiyana pang'ono ndi angawa, musadandaule, bola kukula kwenikweni kufike pafupi ndi 56.

Chinanso chimene chimasokoneza anthu ndi ichi. Makulitsidwe a maikulosikopu ndi ena, a chojambula ndi enanso. Galasi loyang'anirapo la ×10 ndi galasi lakumunsi la ×40 zimapereka ×400, koma amenewo ndi a chimene diso likuona. Wojambula atha kujambula selo yaing'ono pakona kapena yodzaza tsamba lonse. Musatenge ×400 n'kuigwiritsa ntchito pa chojambula chimene chili ndi kamzere kake.

Mukapeza yankho, liyang'aneninso ndi nzeru za bayoloje. Selo yofiira ya m'magazi a munthu ndi yotambalala mamaikulomita 7 mpaka 8. Bakiteriya wa E. coli ndi wotalika pafupifupi mamaikulomita 2. Maselo a kakhungu ka anyezi amatalika mamaikulomita mazana angapo. Ngati masamu anu akuti selo ya m'tsaya ndi mamilimita 56, ndiye kuti ikutalika ngati chala chaching'ono, ndipo sitikanafuna maikulosikopu kuti tiione. Palakwika penapake.

Nthawi zina kamzere kamalembedwa m'mamilimita. Pa chojambula chachiwiri, cha maselo a anyezi, palembedwa 0.1 mm, ndipo rula ikupereka mamilimita 25. Zonse zili kale mu muyeso umodzi, ndiye 25 kugawa ndi 0.1 ndi ×250. Selo yotalika mamilimita 70 papepala ndi 70 kugawa ndi 250, zomwe ndi mamilimita 0.28, kapena mamaikulomita 280.

Chojambula chachitatu ndi chanu. Ndi selo yofiira ya m'magazi. Kamzere kalembedwa 5 µm ndipo ndi kotalika mamilimita 20, selo ndi yotambalala mamilimita 30. Pezani makulitsidwe ndi kukula kwenikweni, mulembe sitepe iliyonse pamzere wake, kenako mutsimikizire ndi njira yowerenga timizere. Mukayenda bwino mufika pa ×4000 ndi mamaikulomita 7.5.