Pempho la Thandizo la Maphunziro a Zaumoyo wa Malo Okhala

Kwa akuluakulu a komiti yoona za thandizo la ophunzira,

Ndine mtsikana wa ku komboni ya Kanyama mu Lusaka, ndinamaliza Giredi 12, ndipo ndapatsidwa malo pa Yunivesite ya Zambia kuti ndikaphunzire zaumoyo wa malo okhala. Pakadali pano ndimagwira ntchito yongodzipereka m'gulu la anthu oyendera makomo pa nkhani ya madzi akumwa ndi zimbudzi.

Vuto la kolera mu Lusaka limayambira pansi pa nthaka. Mbali yaikulu ya mzindawu inakhala pa thanthwe la laimu lokhala ndi ming'alu ndi mphako, ndipo kwathu ku Kanyama madzi apansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikagwa, zonyansa za m'chimbudzi chokumba zimayenda m'ming'alumo mpaka pachitsime chosaya popanda dothi lozisefa. Langizo lakuti chimbudzi chitalikirane ndi chitsime ndi mamita 30 ndi labwino, koma m'komboni momwe mabanja angapo amakhala papuloti imodzi, mamita amenewo mulibe. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2017 unakantha makomboni athu, ndipo umene unayamba mu Okutobala 2023 unachititsa kuti bwalo la masewera la Heroes lisanduke chipatala komanso kuti masukulu achedwe kutsegulidwa mu Januwale 2024.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mtunda wa pakati pa mpope ndi kapu. Pa nthawi ya mliri, madzi othiridwa kolorini, mankhwala ophera tizilombo, ayenera kukhala ndi kolorini wotsala wosachepera mamiligalamu 0.5 pa lita imodzi pomwe akutungidwa. Poyeza timaponya kapiritsi m'kabotolo ka madzi, madziwo n'kufiirira ngati muli kolorini, ife n'kuyerekeza mtunduwo ndi tchati. Pampope amatha kufiirira bwino, koma a m'chigubu cha malita 20 chimene chagona m'nyumba amangokhala mbee! Zifukwa zake n'zodziwika. Chigubu chandere mkati chimadya kolorini yense. Ndowa yosavundikira, imene mwana aliyense amaviikamo kapu ndi zala zomwe, imabwezera tizilombo m'madzi amene anali abwino. Madzi amatope amafunika kuwasiya adikhe kapena kuwasefa kaye, apo ayi mankhwala amathera pa litsiro. Ena amathira n'kumwa pomwepo, pamene mankhwalawo amafuna mphindi 30. Palinso cholakwa cha ife oyendera makomo: tikathira mopitirira, madzi amanunkha, mayi wa pakhomopo amativomera mwaulemu, ife titangotembenuka iye n'kubwerera kuchitsime.

Apa m'pamene nzeru zanga zalekezera. Kuyeza kolorini ndimatha, koma kuyeza tizilombo m'madzi ku labu, kulemba mapu osonyeza komwe matenda akuchokera, ndi kulemba lipoti loti akhansolo achitepo kanthu, zimenezi zimafuna sukulu. Mayi anga amagulitsa tomato ndi repu pamsika wa Soweto, ndipo phindu lake limakwanira lendi ndi ufa basi.

Choncho, akuluakulu, ndikupempha kuti mundilipirire fizi ndi malo ogona kwa nthawi yonse ya maphunzirowa; za chakudya, mabuku ndi minibasi abale anga avomera kusenza. Mukanditenga, simukutenga munthu wongoyamba kumene: ndikudziwa kale kuyeza madzi, kusungunula kolorini wa 0.05 peresenti wosambira m'manja ndi wa 2 peresenti wothira pa masanzi ndi chimbudzi cha wodwala, ndiponso kulankhula ndi eni nyumba m'chinenero chawo popanda kuwachititsa manyazi. Pa tchuthi chilichonse ndidzabwerera m'gulu lathu la oyendera makomo, makamaka mvula isanayambe mu Novembala, chifukwa ndi nthawi imene zigubu ndi zitsime zimayenera kuyang'anidwa. Kafukufuku wanga womalizira ndidzamuchita pa kolorini wotsala m'madzi osungidwa m'nyumba ku Kanyama ndi ku Chawama, kuyerekeza zigubu zakamwa kakang'ono ndi ndowa zotsegula, ndipo zotsatira zake ndidzazipereka kwa inu ndi ku makiliniki a m'maderawa. Ndikamaliza ndidzafunsira ntchito yoyendera zaumoyo muno mu Lusaka, ndipo ndine wokonzeka kusaina pangano lakuti zaka zitatu zoyambirira ndidzagwire m'makomboni. Magiredi anga muzidzawalandira kumapeto kwa chaka chilichonse musanawafunse. Kalata ya malo a ku yunivesite, satifiketi ya Giredi 12 ndi kalata ya umboni ya mkulu wa gulu lathu ndaziphatika kumbuyo kwa pempholi, ndipo tsiku lililonse limene mungandiitane kudzayankha mafunso ndidzafika ndi chida changa choyezera madzi kuti muone mmene ndimagwirira ntchito.